Tisamathamangire cholembera chofiira wophunzira akasakaniza nthawi za aneni

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, langizo lija loti "ukayamba nkhani m'nthawi yakale, khala momwemo mpaka kumapeto" ine ndinasiya kulipereka. Limachiza chilonda chimodzi n'kutsegula ziwiri.

Ndikupatseni chitsanzo. Wophunzira wina ankandifotokozera m'Chingerezi zimene zinamuchitikira usiku. Ndaziika m'Chichewa, koma nthawi za aneni ndazisiya mmene iye anaziikira:

"Ndinafika kunyumba mochedwa. Ndinatsegula chitseko. Mvula ikugwa, ndikufuna kuyatsa nyali koma sindikudziwa pamene ili. Kenako ndinaponda chinthu chofewa. Chikuyenda! Ndinakuwa. Mphaka wanga amakonda kugona pakhomo."

Wasiya nthawi yakale katatu. Mphunzitsi wachangu angadule mzere pa malo onse atatu, chikhalirecho cholakwika chili pamodzi pokha.

Tiyambe ndi mphaka. Ngati mphakayo alipo ndipo khalidwe lake silinasinthe, "amakonda" ali bwinobwino. Mukamukakamiza mwana kunena kuti "ankakonda", womvera adzaganiza kuti mphakayo anafa, kapenatu anafera pomwepo atapondedwa. "Chikuyenda!" nayenso musamukhudze. Eni Chingerezi amachita zomwezo: nkhani ikafika potentha amalumphira m'nthawi yatsopano kuti womvera aone ngati zikuchitika pamaso pake. Katswiri wa zinenero Deborah Schiffrin analemba za zimenezi mu 1981, atasanthula nkhani zimene anthu amakamba pocheza, ndipo anapeza kuti kulumphaku kumachuluka pakati pa nkhani pamene zochitika zikutsatizana, osati pamene wokamba akungofotokoza malo ndi anthu.

Vuto lili pa mvula ija, pa kufuna, ndi pa kusadziwa. Ndipo taonani, mwina powerenga simunapunthwe n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti m'Chichewa timatero ndithu. Timati "ndinamupeza akudya", "tinanyamuka mvula ikugwa". Mneni woyamba ndiye wasenza nthawi, wachiwiri akungotsamira pa mnzakeyo. Timathanso kunena kuti "analowa n'kukhala pansi n'kuyamba kulira", aneni anayi koma -na- mmodzi yekha. Nthawi timaikhoma kamodzi ngati chikhomo, zotsalazo n'kumangirira pomwepo. Chingerezi sichilola zimenezi pa ziganizo zoima pazokha. Mvula ikakhala ndi chiganizo chakechake, mneni wake ayenera kuonetsa yekha kuti inali ikugwa, ndipo kufuna ndi kudziwa nakonso chimodzimodzi.

Komatu musaganize kuti ndi matenda a ife olankhula Chichewa tokha. Ofufuza za kaphunziridwe ka zinenero anaona kuti ophunzira ochokera m'zinenero zosiyanasiyana amayamba kuika chizindikiro cha kale pa aneni a zinthu zochitika kamodzi n'kutha, monga kufika ndi kuthyola. Aneni a mmene zinthu zinalili, monga kufuna, kudziwa, kukhala ndi chinthu, amatsalira m'mbuyo. Bwererani ku nkhani ija muone: kufika, kutsegula, kuponda ndi kukuwa zonse zili m'malo mwake. Mwanayu nthawi yakale akuidziwa. Chimene sanaphunzire ndi kuifikitsa ku ziganizo zofotokoza mmene kunalili.

N'chifukwa chake kumupatsa mndandanda wa aneni kuti aloweze sikuthandiza kwenikweni. Pamayeso odzaza mipata amakhoza zonse, koma akayamba kukamba, maganizo ake onse ali pa zimene zinachitika, mneni amatuluka mmene wafikira pakamwa.

Ine ndimachita chonchi. Sindimudula mawu ali pakati pa nkhani, chifukwa ukatero nkhani imafa ndipo chotsala ndi mantha. Ndimamujambula mawu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, iye mwini n'kulemba zimene wanenazo osakonza kanthu. Kenako pa mneni aliyense amene ali m'nthawi yatsopano ndimamufunsa funso limodzi: "Kodi zimenezi zikadali choncho panopa?" Mvula ikugwabe? Ayi, ibwerere ku kale. Mphaka amakondabe pakhomo? Eya, msiye. Pa "chikuyenda" yankho ndi ayi, koma apo ndimawonjezera lachiwiri: "Unafuna kuti ndidzidzimuke?" Akati eya, ndimamusiya. Akangondiyang'ana, ndiye kuti anaterereka chabe. Akamaliza amaikambanso nkhani yomweyo osayang'ana pepala.

Chenjezo limodzi pa zomvetsera. Aneni ambiri a Chingerezi amaonetsa nthawi yakale ndi kamchira ka zilembo ziwiri kumapeto, kamene nthawi zambiri kamamveka ngati t kapena d yekha wounjikana ndi makonsonanti ena. Lilime lozolowera kutsiriza mawu ndi vawelo limakameza kamchirako. Choncho musanaweruze kuti wophunzira wasokoneza nthawi, muuzeni alembe chiganizocho. Kamchirako kakaoneka papepala, galamala alibe mlandu, ntchito ili pa katchulidwe.