Uthenga wa basi ya ku maliro unakwiriridwa ndi "pepani" wathu yemwe

Ndine mlembi wa kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno ku Kawale, ndipo gulupu yathu ya pa WhatsApp ili ndi anthu 86. Chaka chatha mmodzi wa ife anataya mayi ake, maliro ku Ntcheu. Masana tinalengeza kuti basi inyamuka 6 koloko m'mawa. Usiku dalaivala anaimba kuti tinyamuke hafu pasiti 4, chifukwa mwambo aufulumizitsa poopa mvula. Ndinalemba pagulupu cha m'ma 9 koloko usiku womwewo. Kutacha, anthu asanu ndi awiri anafika pamsewu 6 koloko itatsala pang'ono, atavala yunifolomu, ena atanyamula ndi ufa wa chipepeso, ife tikuyandikira Dedza.

Nditabwerako ndinakhala pansi n'kuwerenga mauthenga onse amene anabwera pambuyo pa wanga. Analipo oposa 130, ndipo panalibe nthabwala ngakhale imodzi, panalibenso wotsatsa malonda. Onse anali "pepani achemwali", "Ambuye akutonthozeni", "mzimu wawo uuse mumtendere", "zamveka alembi", ndi tizithunzi ta manja opemphera. Anthu abwino, olemba zoyenera, ndi amene anakwirira nthawi ya basi.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati mankhwala a magulupu ndi malamulo okhwima. Mwawaonapo malamulo aja, osatumiza zandale, osatumiza zamalonda, wophwanya achotsedwa. Amathandiza pa zina, koma usiku uja sakanatipulumutsa. Ndani angaletse munthu kupepesa namfedwa? Vuto ndi loti chidziwitso ndi macheza tinaziika m'chipinda chimodzi, ndipo WhatsApp imangondandalika zonse motsatira nthawi. Munthu amene foni yake inathera moto magetsi atazima, kapena bandulo inamuthera madzulo, akadzatsegula amapeza mulu. Amadina kamuvi kotsikira pansi, kuwerenga atatu omaliza, n'kulembanso "pepani" wake, amene akukwirira wina wobwera pambuyo.

Chimene tinachita n'chaching'ono. Gulupu yakale tinaisiya mmene ilili, anthu azicheza, azipepesana, azitumizirana mavesi a m'mawa. Tinatsegula yachiwiri, dzina lake ZIDZIWITSO ZA KWAYA, ndipo mu Group permissions tinatseka polola mamembala kutumiza mauthenga, kuti azilemba ndi maadimini okha. Maadimini tilipo atatu: wapampando, msungichuma ndi ine. Mmodzi sangakwane chifukwa tsiku limene iye alibe netiweki ndi tsiku limene kumagwa zovuta. Akachuluka nawonso, gulupu imabwerera kukhala bwalo la macheza, la akuluakulu okha tsopano.

Panali odandaula. Bambo ena achikulire anandiimbira n'kunena kuti, "Alembi, ndiye mwatitseka pakamwa?" Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, pakamwa panu pali potsegula kugulupu yakale ija. Kuno ndi ngati bolodi ya pakhomo la tchalitchi, munthu amawerenga n'kumapita." Anamvetsa, ngakhale mpaka lero amati kuja n'kwa mabwana.

Ena anandiuza kuti bwanji osangopanga Community, imene WhatsApp inabweretsa mu 2022, yomwe imasonkhanitsa magulupu angapo pansi pa denga limodzi n'kukhala ndi malo akeake a zolengeza. Kwa mpingo wonse, wokhala ndi kwaya, amayi, achinyamata ndi makomiti, n'zabwino ndithu, chifukwa uthenga umodzi umafika kwa onse popanda kuutumiza kasanu. Koma kwa anthu 86, ambiri a iwo osazolowera kufufuza za m'foni, gulupu wamba yotseka ndi yosavuta kuimvetsa. Broadcast list ndiye ndinaikana msanga. Imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yako m'foni mwawo, ndipo sungadziwe kuti ndani sanasunge mpaka tsiku limene waphonya basi.

Kutsegula gulupu yachiwiri kunali kosavuta. Chimene chinatitengera nthawi ndi kuphunzira kulemba chidziwitso. Ife tinazolowera kuyamba ndi ulemu: "Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, ndikhulupirira mwaswera bwino, ndimati ndikudziwitseni kuti..." Ulemu ndi wabwino, koma pamndandanda wa macheza foni imangoonetsa mawu oyamba ochepa. Munthu akaona "Moni nonse okondedwa" amati ndiwerenga ndikakhala pansi. Tsopano mzere woyamba umanyamula nkhani yonse, mwachitsanzo "ZASINTHA: basi ya ku Ntcheu inyamuka 4:30 m'mawa, osati 6:00." Malo okwerera, ndalama yake ndi woti afunsidwe zimabwera m'munsi, moni n'kukhala kumapeto. Ndipo sitilembanso "mawa" patokha. Timalemba tsiku ndi deti, chifukwa wowerenga uthengawo kutacha, mawa lake ndi lina.

Tinagwirizananso kuti chidziwitso chizikhala cholemba, osati voisi kapena chithunzi. Apa ndinalimbana kwambiri ndi wapampando wathu, amene amakonda kujambula mawu kwa mphindi zinayi, nkhani yeniyeni n'kukhala mphindi yachitatu. Voisi sungaimvere uli mu minibasi kapena kuntchito, ndipo sungaipeze pofufuza. Uthenga wolemba, ukalemba "Ntcheu" pa Search umatulukira pompo ngakhale patapita mwezi. Chithunzi nachonso chili ndi vuto lake, chifukwa ambiri anazimitsa zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, ndiye positala yokongola ija kwa iwo ndi kabokosi kachimbuuzi basi. Positala ikhalepo, koma mawu ake alembedwenso pansi.

Zikasintha, musakonze uthenga wakale mwakachetechete. Edit imagwira ntchito mkati mwa mphindi 15 zokha, ndiponso foni ya munthu silira kuti mwakonza. Amene anawerenga 6 koloko adzagona akudziwa 6 koloko. Timalemba uthenga watsopano woyamba ndi ZASINTHA, wakale uja n'kuufufuta kwa onse kuti pasakhale nthawi ziwiri zopikisana. Kenako kugulupu ya macheza timaikako uthenga womwewo n'kuumata pamwamba ndi Pin. Pin imalola kusankha maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndipo mauthenga omatidwa sapitirira atatu. Ine ndimamata umodzi wokha, ndipo nkhani ikatha ndimauchotsa. Chidziwitso cha maliro a mwezi watha chikamakhalabe pamwamba, diso limazolowera kudumpha malo amenewo.

"Zamveka" uja tinamupezera njira. Munthu akawerenga amangoika kachala pa uthengawo, ndipo izi zimatheka ngakhale m'gulupu yotseka. Anthu 60 akaika kachala, uthenga umakhalabe pomwepo osakankhidwa. Tikafuna kudziwa opita ndi otsala, timagwiritsa ntchito Poll, m'malo mwa mndandanda uja woti aliyense akope, awonjezere dzina lake n'kutumizanso, umene pofika munthu wa 20 umakhala utagawanika pawiri ndipo mayina ena atasowa.

Koma chimene ndimachidalira koposa ndi Info. Mukadina uthenga wanu n'kugwiritsa, n'kusankha Info, mumaona amene awerenga, amene wawafika koma sanatsegule, ndi chiwerengero cha otsala amene sunawafike n'komwe. M'magulupu izi zimaoneka ngakhale kwa anthu aja anazimitsa timizere tabuluu. Miyezi ingapo yapitayo malo a pulakatisi anasintha Lachisanu madzulo. Ndinalemba 5 koloko. Pofika 8 koloko, 61 anali atawerenga, 14 unawafika koma sanatsegule, ndipo 10 sunawafike. Khumi amenewa ndiye ntchito yanga yeniyeni, chifukwa ndi amene deta yawo ndi yozima. Tinagawana atatu, aliyense kuimbira atatu kapena anayi. Enawo 14 tinawatumizira SMS. Palinso amayi anayi a mafoni a mabatani amene sali pagulupu iliyonse, ndipo aliyense ali ndi mnzake woyandikana naye nyumba amene tinamupatsa udindo womuuza. Nkhani ya maola ochepa, monga maliro, WhatsApp payokha siikwanitsa.

Dongosolo limeneli limaonongeka, ndipo oliononga ndi ife maadimini. Patapita miyezi iwiri msungichuma wathu anayamba kuikako vesi la tsiku, kenako chidziwitso choti mlamu wake akugulitsa nkhuku. Anaona kuti kumeneko ndi kumene anthu amawerenga. Chizindikiro chinaonekera pa Info pomwepo, owerenga mkati mwa maola atatu anatsika kuchoka pa 60 kufika cha m'ma 40, kutanthauza kuti anthu ayamba kuika gulupuyo pa Mute. Ndinapita kwawo osati kulemba pagulupu, n'kuwauza kuti, "Mayi, nkhuku za alamu tizilengeze uko kwa macheza, ine ndigula ziwiri." Tinaseka, zinatha. Lamulo lathu tsopano ndi lakuti uthenga ulowe kumeneko pokhapokha ngati muli tsiku, malo, ndalama kapena chinthu choti munthu achite. Sabata zina zimatha osalembamo kanthu, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Kumbali yanga monga membala wamba, ndili m'magulupu 23: a kubanja awiri (wina muli akuluakulu, wina mulibe, mukudziwa chifukwa chake), wa makolo kusukulu ya mwana, wa banki m'khonde, wa anzanga a ku sekondale, wa m'dera lathu, ndi ena amene sindikumbukira kuti ndinalowa liti. Onse a macheza ndinawaika pa Mute, kusankha Always, ndipo ambiri ndinawakankhira ku Archive, kumene amakhala osatulukanso ngakhale mubwere uthenga watsopano. Sindiopa kuphonya wondifuna, chifukwa munthu akanditchula ndi @ kapena kuyankha uthenga wanga, foni imandiuzabe ngakhale gulupuyo ili pa Mute. Pamwamba pa mndandanda ndinamatapo atatu: zidziwitso za kwaya, za kusukulu, ndi banki m'khonde, chifukwa kumeneko kuphonya tsiku ndi chindapusa. Enawo ndimawatsegula madzulo ndikatha kudya.

Gulupu ya makolo kusukulu ndiye idakali ndi matenda athu akale aja. Aphunzitsi akalemba za tsiku lotsekera, makolo 200 amayankha "zikomo aphunzitsi", wina n'kufunsa funso limene layankhidwa kale pamwambapo. Ndalankhula kale ndi wapampando wa komiti ya makolo kawiri. Akuti aiika pa zokambirana za msonkhano wa teremu ikubwerayi, ndipo tsiku la msonkhanowo alilengeza pagulupu yomweyo.