Jakisoni wa ng'ombe ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Angonia: botolo lofanana, muyezo wosiyana

Mlimi wa ku Mchinji akhoza kugula mankhwala a ng'ombe pa boma kapena kuwoloka pa Mwami kukagula ku Chipata. Wa ku Dedza ndi ku Ntcheu amakumana ndi anzake a ku Angonia pamisika ya m'malire monga Lizulu, pomwe mabotolo a mbali zonse ziwiri amagulitsidwa limodzi. Ena amalandira botolo lochokera kwa mwana wawo ali ku Joni. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi amodzi omwewo, okisitetrasaikilini, aja a madzi ofiirira amene ambiri amangowatchula kuti okisi. Koma mphamvu yake m'botolo imasiyana, ndipo malamulo a dziko lililonse pa kagulitsidwe kake amasiyananso. Apa ndi pomwe alimi ambiri amasokonezekera.

Kuno ku Malawi, bungwe la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo limalembetsa mankhwala a anthu ndi a ziweto omwe. Mlimi amayenera kudzera kwa alangizi a ziweto a ku EPA kuti aone chiweto ndi kunena mankhwala oyenera. Alangiziwo ndi ochepa, dera la munthu mmodzi ndi lalikulu, kotero mlimi amangopita yekha kusitolo n'kunena kuti ng'ombe siikudya. Ku Zambia, bungwe la ZAMRA, motsatira lamulo la 2013, limapereka chiphaso chapadera cha masitolo a mankhwala a ziweto, ndipo kumudzi kuli makampu a zaziweto okhala ndi mlangizi wake. Maganizo amenewo ndi abwino chifukwa amavomereza kuti mlimi adzafika kusitolo asanaonane ndi dokotala, ndiye ndi bwino kuti sitoloyo ikhale yodziwika ndi yoyenderedwa. Komabe nakonso mabotolo amatuluka popanda wofunsa kulemera kwa ng'ombe. Ku Mozambique, m'maboma a Angonia ndi Tsangano, vuto lowonjezera kwa mlimi wa kuno ndi chilankhulo, pakuti malangizo a pamabotolo ambiri amakhala a Chipwitikizi.

Dziko la South Africa linagawa nkhaniyi pawiri. Lamulo nambala 36 la 1947 limalola mlimi kugula yekha mitundu yowerengeka, kuphatikizapo okisi ndi mankhwala a salufa, pomwe ena onse ali pansi pa lamulo nambala 101 la 1965 ndipo amafuna kalata ya dokotala wa ziweto. Ife tikuona kuti kugawa kotere n'kwanzeru kuposa lamulo loletsa zonse koma losatsatidwa, ngakhale kuti nako kumasiya okisi m'manja mwa aliyense. Choyenera kudziwa wolandira botolo la ku Joni n'chakuti kumeneko kulinso okisi wa mamiligalamu 120 pa mililita, yemwe sapezekapezeka kuno, ndiye osangoganiza kuti ndi yemwe uja munazolowera.

Tiyeni titenge ng'ombe imodzi tiwerengere limodzi. Poyamba ndi kulemera kwake. Sikelo ya ng'ombe kumudzi kulibe, koma tepi ya telala ilipo. Zungulizani tepi pachifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo ndi kumbuyo kwa linunda, kenaka yezani kutalika kuchokera pansonga ya phewa kufika pafupa lotulukira pambali pa mchira. Masamu ake ndi awa, zonse m'masentimita:

```
kulemera (kg) = chifuwa × chifuwa × kutalika ÷ 10840
150 × 150 × 120 ÷ 10840 = 249
```

Ng'ombe yathu tiyiwerenge kuti ndi ya makilogalamu 250. Masamuwa sagwa ndendende, koma amaposa kutali kuyeza ndi maso, komwe kawirikawiri kumachepetsa ng'ombe.

Tsopano yang'anani botolo. Ngati palembedwa 10%, mililita iliyonse ili ndi mamiligalamu 100 a mankhwala. Mabotolo ambiri otere amalamula mililita imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse, ndiye ng'ombe yathu ifuna mamililita 25, ndipo ifuna tsiku lililonse kwa masiku atatu mpaka asanu. Botolo la mamililita 100 litha m'masiku anayi pa ng'ombe imodzi yokhayo. Ngati palembedwa 20% ndi zilembo LA, muyezo ukhalabe mililita imodzi pa makilogalamu 10, mamililita 25 omwewo, koma mankhwala ake ndi owirikiza kawiri ndipo anapangidwa kuti azituluka pang'onopang'ono mumnofu kwa masiku pafupifupi atatu. Amenewa mumabaya kamodzi, n'kubwereza pakatha masiku awiri kapena atatu pokhapokha ngati botolo kapena alangizi atero.

Mwaona pomwe pagona ngozi. Mlimi amene anazolowera LA wa ku Chipata akagula la 10% pa Lizulu, amabaya kamodzi n'kusiya, chifukwa mamililita ake ndi ofanana. Ng'ombe yalandira theka la mankhwala, ndipo pofika mawa mphamvu yake yatha m'magazi. Wina amene anazolowera la 10% akapeza LA, amabaya masiku anayi otsatizana. Pamenepo amatupitsa mnofu, amalemetsa impso makamaka ngati ng'ombe siikumwa madzi, ndipo nyama imakhala ndi mankhwala kwa nthawi yaitali. Palinso mabotolo a 5%, amene amafuna mamililita owirikiza. Cholakwika chofala kwambiri m'mayiko onsewa ndi sirinji ya mamililita 10 yodzaza kamodzi pa ng'ombe iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Pa ng'ombe yathu, ndi botolo la 10%, amenewo ndi mamiligalamu 4 pa kilogalamu m'malo mwa 10.

Kabayidwe nakonso ndi mbali ya muyezo. Mankhwala a LA amalowa mkati mwa mnofu wa pakhosi, ndipo pamalo amodzi pasapitirire mamililita 20 pa ng'ombe kapena 5 pa mbuzi ndi nkhosa. Mamililita 25 athu aja agawidwe pawiri, mbali iyi ndi mbali inayo. Mukaunjika pamodzi pamachita chotupa, mwina chithupsa, ndipo mankhwala ambiri amatsalira pomwepo osafika kumapapo komwe kuli matenda.

Ambiri amati ng'ombe yazolowera mankhwala. Chozolowera si ng'ombe, ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka timene tikuyidwalitsa. Mwa tizilombo tambirimbiri timeneti mumakhala tochepa tolimba kuposa tinzake. Muyezo wokwanira umatiphwanya mokwanira kuti thupi la ng'ombe limalize totsalato. Muyezo woperewera umapha tofooka tokha n'kusiyira tolimba malo onse oswanira. Ng'ombe imayamba kudya pa tsiku lachiwiri, mlimi amasunga zotsala m'botolo kuti zidzathandize tsiku lina, ndipo pakatha sabata matenda amabwerera osamvanso okisi. Tizilombo tolimbato timatuluka ndi ndowe, timafika m'dimba, pachitsime ndi m'manja mwa wokama, ndipo mabakiteriya amatha kupatsirana kulimba kumeneku ngakhale ali a mitundu yosiyana. Gulu la mankhwala a okisi ndi lomwelo la dokisisaikilini wa kuchipatala, choncho nkhaniyi siithera m'khola.

Izi sizikutanthauza kuti kuchulukitsa masiku n'kwabwino. Tsiku lililonse lowonjezera limaphunzitsanso mabakiteriya a m'matumbo kupirira. Masiku ake ndi amene alembedwa, osachotsera ndi osawonjezera. Ngati pakatha masiku awiri kapena atatu kutentha kwa thupi kudakali pamwamba pa madigiri 39.5 ndipo ng'ombe siikubzikula, musawonjezere muyezo. Itanani alangizi, chifukwa mwina matendawo si amene okisi amachiza.

Pankhani imeneyi alimi a kum'mawa kwa Zambia ndi a chigawo chapakati cha Malawi ali ndi chisokonezo chimodzi. Chigodola cha ng'ombe, chija chobwera ndi nkhupakupa, chotupitsa mwanabere pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, chili ndi katemera amene amaperekedwa limodzi ndi jakisoni wa LA. Kum'mawa kwa Zambia amagwiritsa ntchito mtundu wotchedwa Katete, ndipo ku Lilongwe kuli malo a CTTBD opangira katemera wotere. Alimi ataona okisi akubayidwa tsiku la katemera, ambiri anaganiza kuti ndiye mankhwala a chigodola. Okisi amangoletsa kachilombo kuswana msanga pa masiku oyambirira a katemera. Ng'ombe ikatupa kale mwanabere ndi kuyamba kubanika, yofunika ndi bupavakoni, mililita imodzi pa makilogalamu 20, ndipo ifunika msanga. Ndi yokwera mtengo, n'chifukwa chake anthu amathawira ku okisi, koma mabotolo atatu a okisi ndi ng'ombe yakufa ndi zodula koposa.

Pa nkhuku mayiko onse atatu amalakwa mofanana. Chitopa chimabwera ndi vairasi, ndipo palibe kapisozi kapena ufa wa m'paketi umene ungachize. Chimodzimodzi chigodola cha nkhumba. Chitopa chili ndi katemera wa I-2, wodonthetsera m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo kuno amapangidwa kulabotale yaikulu ya zaziweto ku Lilongwe. Pamene ufa ukufunikadi, werengerani musanagule. Paketi ikati galamu imodzi pa lita imodzi kwa masiku asanu, nkhuku zanyama 50 za masabata anayi, zomwe zimamwa malita 10 kapena kuposera patsiku, zifuna magalamu osachepera 50. Sungunulani zatsopano tsiku lililonse, m'chiwiya chapulasitiki osati chadzimbiri, ndipo chotsani madzi ena onse. Nkhuku zachikuda zitsekeredwe masiku onsewo, apo ayi zikamwa pachithaphwi n'kulandira kachigawo chabe ka muyezo.

Chinthu chomaliza kuwerenga pabotolo ndi masiku odikira musanadye nyama, mazira kapena kumwa mkaka. Pabotolo la Chingerezi yang'anani mawu akuti `withdrawal period`, pa la Chipwitikizi `intervalo de segurança`, pomwe `carne` ndi nyama, `leite` ndi mkaka ndipo `dias` ndi masiku. Pa LA, masiku a nyama kawirikawiri amakhala pakati pa masabata atatu ndi asanu, a mkaka pafupifupi sabata, ndipo mabotolo ena amaletseratu kubaya ng'ombe yokamidwa. Kuwiritsa mkaka sikuchotsa mankhwala onse. Kuyeza kumene kumachitika pamalo osonkhanitsira mkaka, kofufuza ngati wathiridwa madzi kapena wasasa, sikuonetsanso mankhwalawa, koma mkaka wotere umavuta kugwira chambiko. Lembani tsiku la jakisoni womaliza pakhoma la khola ndi khala, n'kuwerengera kuchokera pamenepo. Botolo lofufutika chizindikiro, lopimidwira m'kabotolo kena, kapena limene madzi ake ada bii chifukwa chokhala padzuwa pamsika, musagule, pakuti simungadziwe mphamvu yake ndipo masamu onse aja sangagwire ntchito.