Maganizo anga: uthenga wosonkhetsa ndalama za matenda a kholo uzikhala ndi manambala, ndipo wodikirira wodwala aziwerengedwa

Mwezi wathawu amayi athu anagwa ndi sitiroko kumudzi ku Katete. Tinawabweretsa kuno ku Lusaka, anagonekedwa m'chipatala masiku 12, pano ali kwanga ku Chelston, dzanja ndi mwendo wakumanja zikadali zofooka. Sindikulemba kuti mundipepese. Ndikufuna ndinene za uthenga umene munthu amalembera abale ake zikatere, chifukwa ine ndinaulemba kawiri, ndipo woyambawo unatsala pang'ono kutidanitsa.

Tilipo asanu. Achimwene aakulu amayendetsa galimoto ya kampani ku Kitwe. Ine ndine wachiwiri, ndimagwira ntchito mu ofesi. Wonditsatira ndi mlongo wathu amene ali ku Joni, kenako mng'ono wanga amene amagulitsa tomato pa msika wa Soweto, ndipo mzime wathu ali kumudzi komweko, amalima.

Tsiku lachitatu amayi ali m'chipatala ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti, "Abale, zinthu zavuta kuno, tiyeni tithandizane." Onse anayankha kuti tikupemphera. Ndalama sinabwere ngakhale ngwee imodzi, ndipo ndinapsa mtima. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti vuto linali langa. Mawu oti "tithandizane" sauza munthu kuti atumize zingati, kwa ndani, pofika liti. Achimwene anali atalipira kale galimoto yowanyamula amayi, ndiye ankadziona kuti mbali yawo atha. Wa ku Joni ankaganiza kuti chipatala cha boma n'chaulere. Aliyense anali ndi masamu akeake m'mutu, ndipo m'masamu a aliyense wolakwa anali mnzake.

Uthenga wachiwiri ndinaulemba amayi atatuluka, malisiti onse ndili nawo pa tebulo. Ndiuika pano monga momwe unalili.

"Achimwene, ndi inu nonse abale anga, moni. Amayi atuluka dzulo, akudya phala ndipo akutizindikira tonse. Ndalama zimene zapita kuyambira tsiku limene anagwa ndi izi. Galimoto yochokera ku Katete, K3,000, chifukwa sakanatha kukhala pampando wa basi. Sikani ya mutu, K2,500. Kuyeza magazi, K900. Mankhwala ogula ku famase, K1,800. Matewera a akulu, sopo ndi magolovesi, K1,100. Chakudya ndi minibasi zopitira kuchipatala, K100 pa tsiku, masiku 12, K1,200. Zonse pamodzi K10,500. Pa ndalama imeneyi achimwene anapereka K3,000, ine K6,500, ndipo K1,000 ndinabwereka ku chilimba, ikufunika kubwezedwa mwezi uno usanathe. Zithunzi za malisiti zikubwera pansipa.

Pali china chimene chilibe lisiti. Mng'ono wathu anagona pambali pa bedi la amayi masiku onse 12 osapita kumsika. Pa tsiku amapindula pafupifupi K125, ndiye wataya K1,500. Ndaiphatikiza, ndipo zonse zikukwana K12,000.

Ine ndikuganiza kuti tigawane chonchi. Achimwene K4,000, ndiye kuti muwonjezere K1,000 yobweza ku chilimba. Mlongo wathu wa ku Joni K3,500, imene ibwerere kwa ine. Ine K3,000. Mng'ono wathu gawo lake ndi K1,500, ndipo walipira kale ndi masiku ake. Mzime asapereke ndalama, asamale munda ndi mbuzi za amayi, atumize thumba la chimanga ndi nsinjiro. Awa ndi maganizo chabe, amene akuona kuti zamulemera anene pofika Lachisanu tikonze."

Sikani ya mutu ija ndinachita kuifotokoza padera, chifukwa ndalama yaikulu yopanda chifukwa chake imabala mafunso a kumbali. Sitiroko ili mitundu iwiri. Pena magazi amaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo, pena mtsempha umaphulika magazi n'kutayikira mkati. Zizindikiro zake zimafanana, koma mankhwala opepusa magazi monga asipirini, amene amathandiza woyambayo, angathe kuwonjezera ngozi kwa wachiwiriyo. Dokotala sangangolota, ayenera kuona chithunzi. Nditalemba ziganizo ziwiri zimenezi palibe anafunsanso chifukwa chake sitinadikire.

Tsopano pamene pagona maganizo anga ndi apa. Ambiri amati chilungamo n'kugawa mofanana. K12,000 kugawa kwa anthu asanu ndi K2,400 aliyense, masamu ake ndi osavuta ndipo palibe anganene kuti wakonderedwa. Ine ndikukana. K2,400 kwa munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi ndi ululu wa mwezi umodzi. Kwa mlimi amene amagwira ndalama kamodzi pa chaka, akagulitsa zokolola, ndi ndalama ya feteleza, ndipo ukamulanda lero udzamudyetsa ndiwe chaka chamawa. Kwa wogulitsa tomato ndi mpamba wonse. Mukawakakamiza awiriwa apita kwa akaloba, kapena angozimitsa foni chifukwa cha manyazi, kenako banja lonse liziti alibe chikondi. Gawo limene munthu sangathe kulipira ndi nambala yongokongoletsa uthenga, ndipo dzenje lake limagwera yemwe uja amene ali pafupi ndi wodwala.

Ndipo yemwe ali pafupi ndi wodwalayo ndiye amene timamuiwala kwambiri. Aliyense amene anadwazikapo kholo m'chipatala akudziwa ntchito ya wodikirira. Munthu wa sitiroko ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda za pabedi m'chiuno ndi ku zidendene. Ayenera kudyetsedwa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa kumeza kumavuta ndipo chakudya chikalowera ku mapapo chimayambitsa chibayo. Kumusintha thewera, kumusambitsa, kuthamangira ku famase ndi kapepala ka dokotala, kukhala maso madokotala akamazungulira m'mawa kuti umve zimene anena. Mng'ono wanga anachita zonsezi akugona pa chitenje ndi katoni, ana ake ali ndi aneba ku Chawama. Mabokosi awiri a tomato amene anali atapikula anaola, ndipo amenewo sanafune n'komwe kuti ndiwalembe. Munthu ameneyu ndiye tikamuuze kuti nayenso atulutse K2,400 ngati amene anatumiza ndalama ali pa mpando wa sofa? Nthawi zambiri wodikirirayu amakhala mwana wamkazi, ndipo chifukwa ntchito yake siidutsa pa Airtel Money kapena MoMo ya MTN, imaoneka ngati yaulere. Pa maliro mudzamva akuyamikidwa amene anagula bokosi.

Achimwene sizinawasangalatse poyamba. Ndisanaike uthengawo pa gulu ndinawaimbira foni, chifukwa wamng'ono sangadzuke n'kulembera mkulu wake ngongole pamaso pa ana. Nditawawerengera anati, "Achemwali, kodi amayi tayamba kuwagulitsa? Mwana wowasamala mayi ake tizimuwerengera malipiro?" Ndikumvetsa chimene chinawapweteka, ndipo sindikuchinyoza. Amayi sanatilembere lisiti pamene ankatibereka kumbuyo. Ndinawayankha kuti, "Achimwene, sindikuika mtengo pa amayi. Ndikuwerenga ufa umene ana a mng'ono wathu sanadye." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndiike uthengawo, iwo ayankha oyamba. Anayankhadi oyamba, ndipo mkulu atavomera K4,000 yake, enawo sanavute. Amalume ku Katete, eni mbumba, tinawadziwitsanso, osati kuti asonkhe koma kuti nkhani ikadzatuluka m'mudzi asadzaimve mokhota.

Ena mundifunsa za NHIMA, inshulansi ya boma ya zaumoyo. Inde, ife a pa ntchito timadulidwa 1 peresenti ya malipiro mwezi uliwonse, abwana n'kuwonjezeranso 1 peresenti, ndipo ngati kholo lanu silinalembetsedwe musadikire kuti lidwale. Koma inshulansi iliyonse imayang'ana za chithandizo cha m'chipatala. Galimoto yochokera kumudzi, nsima ya wodikirira, minibasi ya tsiku ndi tsiku, masiku otayika kumsika, zimenezo ndi za banja. Onani mndandanda wathu uja, pafupifupi theka la K12,000 silinapite kwa dokotala kapena ku famase.

Chinanso chimene ndinaphunzira n'choti uthengawu usathere pa zimene zapita kale. Kutuluka m'chipatala si kuchira. Anthu amasonkha ndi mtima wonse sabata yoyamba, mantha akadali m'mimba, koma mwezi wachitatu gulu limakhala zii, ndipo matewera akugulidwabe. Choncho ndinalembanso za mwezi ndi mwezi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi K400, matewera K600, mafizo kawiri pa sabata K1,200, takisi yopitira ku mafizoko K800, ndi K1,000 ya mng'ono wanga pa masiku 8 amene amatseka benchi lake kuti awaperekeze. Pano ndalamayo amailandira m'manja, sitingomuthokoza pakamwa. Zonse ndi K4,000. Achimwene K1,500, wa ku Joni K1,500, ine K1,000 popeza amayi akudya ndi kugona m'nyumba mwanga. Tinagwirizana kuti izi ndi za miyezi itatu, kenako tidzaonenso, chifukwa munthu amavomera msanga katundu amene akuona polekezera pake.

Tinthu ting'onoting'ono n'timene timayambitsa mikangano, ndiye tinatimanga mfundo. Ndalama zonse zimapita pa nambala imodzi, yanga, pofika pa 5 mwezi uliwonse. Wotumiza amawonjezera yotapira kwa ejenti. Wa ku Joni timawerenga makwacha amene afika pa foni, osati marandi amene atumizidwa, chifukwa mtengo wosinthira umayenda ndipo ulendo woyamba tinapeza kuti zaperewera. Ine wosunga thumba ndimajambula lisiti lililonse tsiku lomwelo n'kuliika pa gulu, ndipo pa mapeto a mwezi ndimalemba zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zotsala, ngakhale zitatsala K35. Palibe anandikayikirapo poyera, koma ndikudziwa kuti alamu anga nawonso amafunsa amuna awo kuti ndalama zikupita kuti, ndipo ali ndi ufulu wofunsa.

Sabata yatha mzime anatumiza thumba la chimanga lija pa basi, ndi nsinjiro m'chigubu, ndinakazitenga ku Intercity. Ndinazijambula n'kuziika pa gulu pamodzi ndi malisiti a ku famase, ndipo pa mzere wake ndinalemba kuti wapereka zonse. Madzulo ake anaimba foni kuti alankhule ndi amayi, koyamba chiwagonekereni m'chipatala. Anandiuza kuti masiku onsewo ankaopa kuimba, poganiza kuti ndimufunsa za ndalama.