Inu a m'magulu osunga ndalama, lekani kuwombera m'manja kalata ya msungichuma musanaiwerenge

Abale anga, makamaka inu ana anga amene mwalowa m'magulu a banki m'khonde posachedwapa, ndikufuna ndikudzudzuleni pa khalidwe lina limene landinyansa. Mwezi ukatha msungichuma amalemba kalata yofotokoza ndalama zimene zasonkhedwa ndi zimene zaperewera. Inu mumangomva nambala ziwirizo, n'kunena kuti "zikomo amayi, mwagwira ntchito", basi mwanyamuka. Ena mwa inu simudikira n'komwe kuti kalatayo ithe kuwerengedwa. Ine ndinasungapo chuma cha gulu, ndipo ndikukuuzani kuti kukhala chete kwanuko kumapweteka gulu, kumapwetekanso msungichuma yemweyo ngakhale atakhala munthu wokhulupirika.

Mawu akuti "zaperewera" amabisa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pali ndalama zimene anthu sanabweretse, zikadali m'matumba mwawo. Palinso ndalama zimene anthu anabweretsa, zinalembedwa, koma m'bokosi mulibe. Zoyambazo ndi ngongole ya mamembala. Zachiwirizo ndi mlandu wa amene anazilandira. Kalata imene yaphatikiza ziwirizi pa nambala imodzi sinakuuzeni kanthu.

Tiyeni titenge chitsanzo, tiwerengere limodzi. Gulu lili ndi anthu 25, ndipo munagwirizana kuti aliyense azisonkha 10,000 pamwezi. Ndiye kuti mwezi ukatha payenera kupezeka 250,000. Kalata yabwera, ikuti: "Mwezi uno talandira 225,000. Zaperewera 25,000. Amene simunapereke chonde fulumirani." Mukachotsera, masamu akugwirizana ndithu, ndipo nonse mitima yakhala pansi poganiza kuti otsalira ndi anthu awiri kapena atatu basi. Komatu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Funso loyamba limene mumayenera kufunsa ndi lakuti, kodi 225,000 yonseyo ndi ya mwezi uno? Mukatsegula buku lalikulu la mlembi mupeza kuti anthu awiri amene sanasonkhe mwezi watha abweretsa 20,000 yawo mwezi uno. Ndalama imeneyo yalowadi m'bokosi, palibe wanama, koma ikutseka dzenje la mwezi watha. Mukaichotsa, zosonkha zenizeni za mwezi uno ndi 205,000, ndipo zoperewera si 25,000 ayi, ndi 45,000. Zomwezi zimachitika msungichuma akaphatikizamo ndalama zobweza ngongole, chiwongoladzanja, zindapusa za ochedwa kapena za thumba la zadzidzidzi. Iliyonse mwa ndalama zimenezi iyenera kukhala ndi mzere wakewake m'kalata. Zikasakanikirana, nambala ya pamwamba imanenepa pamene gulu likuwonda.

Tsopano 45,000 ija iyenera kukhala ndi eni ake. Ndalama siziperewera zokha. Muitane mmodzimmodzi, aliyense atulutse kabuku kake. Mupeza kuti atatu sanapereke kalikonse, imeneyo ndi 30,000. Awiri anapereka theka, imeneyo ndi 10,000. Zonse pamodzi 40,000. Nanga 5,000 yotsalayo ili kuti? Palibenso amene ali ndi ngongole, timabuku ta ena onse tikusonyeza kuti anamaliza.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa magulu ambiri amathera pa ndalama yaing'ono ngati imeneyi. Kawirikawiri si kuba ayi. Membala wina anapereka 5,000 pamsonkhano, kenako anakumana ndi msungichuma panjira, n'kumupatsira pomwepo 5,000 yotsalayo. Msungichuma posafuna kumukhumudwitsa anasayina m'kabuku, ndalama n'kuiponya m'chikwama chake, mawa lake yasakanikirana ndi zake. Kabuku ka membala kakuti 10,000, buku la mlembi likuti 5,000, m'bokosi mulinso 5,000. Wina amatumiza pafoni ku nambala ya msungichuma osawonjezera yochotsera, ndalama n'kufika m'bokosi itaduka. Ine ndinagwapo m'mbuna imeneyi. Ndinalandira ndalama ya mnzanga pakhomo panga madzulo, osailemba m'buku lalikulu, ndipo patapita miyezi itatu ndinaima pamaso pa gulu ndikulephera kufotokoza. Ndinalipira kuchokera m'thumba mwanga, koma manong'onong'o anatenga nthawi kuti azilale.

Ndiye inu amene mumakonda kupatsira msungichuma ndalama panjira, pamsika kapena kunyumba kwake chifukwa mwachita ulesi kubwera kumsonkhano, lekani! Mukumutchera msampha mnzanuyo. Magulu amene amayenda bwino amakhala ndi bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo pamakhala anthu awiri owerenga ndalama pamaso pa onse. Dongosolo lonseli analikonza kuti ndalama isagwiridwe ndi munthu mmodzi kumbali. Mukapereka panjira mwalilumpha lonselo.

Nanunso a msungichuma sindikusiyani. Musalembe kalata kuchokera m'mutu, kapena kukopera nambala kwa mlembi musanaone ndalama zenizeni. Owerenga ndalama ayale ndalamazo poyera, aziwerenge mokweza, nambala imene atchule ifanane ndi ya m'buku, kenako ndiye mulembe. Kalata yanu iyambe ndi zimene zinatsala m'bokosi mwezi watha, chifukwa popanda nambala imeneyo palibe angalondole chilichonse. Inene zimene zimayembekezeka mwezi uno, zimene zalowa, ndi zimene zatuluka ngati ngongole. Ikafika pa zoperewera igawe momveka: 40,000 ili kwa mamembala asanu, 5,000 sinapezeke ndipo tikuifufuza. Kulemba choncho kumachititsa manyazi, ndikudziwa, koma manyazi a mwezi umodzi ndi opepuka poyerekeza ndi a tsiku logawana. Ndipo musayerekeze kutenga za thumba la zadzidzidzi n'kutsekera dzenje kuti kalata ioneke bwino. Tsiku limene mnzanu adzagonekedwe m'chipatala mudzatsegula thumba lopanda kanthu.

Za mayina a otsalira, tsatani malamulo amene gulu lanu linalemba. Pamsonkhano atchulidwe, pakuti ndalama ndi za onse. Koma kalata imene ikuyenda pafoni musaidzaze mayina a anthu, chifukwa imatumizidwa kwa ena osakhudzidwa ndipo munthu amene wangovutika mwezi umodzi amasanduka nkhani. Chofunika ndi chakuti pa ngongole iliyonse palembedwe tsiku limene mwini wake walonjeza kubweza, ndipo kalata ya mwezi wamawa iyambire pomwepo: pa 45,000 ija, zabwera zingati, zatsala zingati.

Inu otsalira, musamadzinamize kuti "ndidzaperekera limodzi kumapeto". Ndalama ya gulu imabereka ikabwerekedwa. Mnzanu amene amadikira ngongole ya 40,000 mwezi uno wabwerera chimanjamanja chifukwa cha inu asanu, ndipo chiwongoladzanja chimene akanabweza chatayika kwa onse 25. Mukadzaponya zanu zonse sabata yomaliza, mudzafuna gawo la phindu limene ndalama yanu sinagwireko ntchito. Kumeneko n'kudyera anzanu masuku pamutu.

Pamsonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi kabuku kake ndi cholembera. Kalata ikawerengedwa, wapampando asatseke msonkhano mpaka zosonkha za m'timabuku tonse zitaphatikizidwa n'kufanana ndi za m'buku la mlembi ndi za m'bokosi. Zikasiyana, ngakhale ndi 500 yokha, kusiyanako kulembedwe tsiku lomwelo, owerenga ndalama asayine, ndipo bokosi likhomedwe aliyense akuona.