Maganizo anga pa funso loti kodi namondwe Ana anadza ndi kusintha kwa nyengo

Kuchokera pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kutisiya mumdima, kenako Freddy n'kugwetsa napolo ku Chilobwe mu Malichi 2023, mawu oti “kusintha kwa nyengo” asanduka yankho la tsoka lililonse kuno ku Blantyre. Kusintha kwa nyengo kulipodi, ndipo sindikukukayikira. Chimene chikundivuta n'chakuti timagamula mlandu wa namondwe aliyense m'mawa mwake momwe, pamene asayansi ali ndi ndondomeko yake yozengera mlanduwo, ndipo nthawi zina amapeza kuti woganiziridwayo ndi wosalakwa.

Iwowa sayankha funso loti “kodi kusintha kwa nyengo ndiko kunabweretsa Ana?”, pakuti anamondwe akhala akuchokera kunyanja ya India kuyambira kalekale agogo athu asanabadwe. Funso lawo n'lakuti: mvula yochuluka chonchi imagwa kangati m'dziko la lero, limene pofika 2022 linali litatentha ndi madigiri pafupifupi 1.2 poyerekeza ndi zaka za kumapeto kwa m'ma 1800, ndipo ikanagwa kangati anthufe tikanapanda kuotcha malasha, mafuta ndi gasi? Zili ngati minibasi ya matayala akutha imene yagubuduzika. Ngozi imachitikanso pa matayala atsopano, koma mutawerenga minibasi zambirimbiri mungathe kunena kuti matayala akutha amachulukitsa ngozi kangati.

Choyamba amatanthauzira chochitikacho m'njira yoti chiyezeke. Gulu la asayansi la World Weather Attribution, limene linafufuza za Ana ndi anamondwe ena a chaka chomwecho monga Batsirai amene anaomba ku Madagascar, linasiya mphepo n'kutenga mvula, chifukwa ndiyo inaononga kwambiri. Anayang'ana mvula ya masiku 3 otsatizana amene kunagwa mvula yambiri kuposa ena onse m'chaka, m'dera lokhudza kummwera kwa Malawi ndi chigawo cha Mozambique. Kusankha kumeneku kuli ndi mphamvu pa yankho. Mukatenga tsiku limodzi pamalo amodzi mupeza nambala ina, mukatenga mwezi wonse m'chigawo chonse mupezanso ina, n'chifukwa chake magulu awiri ofufuza chinthu chimodzi angathe kusiyana popanda wina kunama.

Akatero amatsegula kaundula wa mvula. Chaka chilichonse amatengamo masiku atatu aja, n'kuona ngati kuchuluka kwake kukukwera pamene dziko likutentha. Apa m'pamene pamachokera mawu oti “mvula ya kamodzi pa zaka 50”, amene ambiri timawamva molakwa. Tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse mpata woti mvula yotere igwe ndi umodzi mwa 50, ndipo palibe choletsa kuti igwe chaka chino n'kubwerezanso chaka chamawa.

Popeza dziko lopanda utsi wathu kulibe koti tikaliyeze, amalipanga pakompyuta. Mapulogalamu oyerekezera nyengo amayendetsedwa kawiri: ulendo wina ndi mpweya wotenthetsa dziko wochuluka monga ulili lero, ulendo wina ndi mpweyawo monga unalili mafakitale asanachuluke. Nachi chitsanzo cha manambala ongopeka, chongoonetsa masamu ake. Tinene kuti pa zaka 1,000 za pakompyuta za dziko lakale, mvula ya mamilimita 200 m'masiku atatu yagwa ka 10, pamene pa zaka 1,000 za dziko la lero yagwa ka 20. Tikagawa 20 ndi 10 tipeza 2, kutanthauza kuti mpata wa mvulayo wawirikiza kawiri. Yankho likakhala 1, ndiye kuti kusintha kwa nyengo sikunasinthe kanthu. Komanso sapereka nambala imodzi yokha; amanena kuti mwina ili pakati pa 1.3 ndi 3, ndipo malire ammunsiwo akatsika kupitirira 1, wofufuza woona mtima amavomera kuti umboni sunakwane.

Pa kutentha koopsa njirayi imayenda bwino, chifukwa kutentha kumakuta dera lalikulu ndipo mapulogalamu amatha kukuyerekezera bwino. Kafukufuku wa Peter Stott ndi anzake wa mu 2004 anapeza kuti zochita za anthu zinawirikiza kawiri kapena kuposa mpata wa kutentha kumene kunapha anthu ku Ulaya mu 2003. Mu 2021, mudzi wa Lytton ku Canada utafika madigiri 49.6, ofufuza anati kutenthako kukanakhala pafupifupi kosatheka popanda kusintha kwa nyengo. Mvula ya namondwe ndiye nkhani ina. Imagwa mwa apa ndi apo, mapiri monga Mulanje amaikoka, ndipo mapulogalamu ambiri amagawa dziko m'timabwalo ta makilomita makumimakumi, moti phiri la Soche silionekamo n'komwe. Pachifukwa ichi pulogalamu iliyonse imayamba yayesedwa ngati ikutha kusonyeza dzinja ndi chilimwe cha dera lenilenilo, ndipo yolephera imatayidwa.

Nanga za Ana anapeza zotani? Mu Epulo 2022 analengeza kuti kusintha kwa nyengo kunachulukitsa mvulayo ndiponso kunakweza mpata woti igwe. Zimenezi zikugwirizana ndi lamulo lodziwika bwino la sayansi lakuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi choonjezera pafupifupi 7 peresenti. Koma nambala yoti kunachulukitsa kangati sanaipereke. Mwa malo 23 oyezera mvula m'dera lokhudzidwa ku Mozambique, anayi okha ndiwo anali ndi kaundula wokwanirako wobwerera mpaka 1981, ndipo ku Malawi ndi ku Madagascar ofufuzawo sanapeze malo okhala ndi kaundula woyenera ntchitoyi. Pulogalamu ya pakompyuta imafunika kuitsimikizira ndi zimene zinagwadi pansi, ndipo masetilaiti, ngakhale amathandiza, anayamba posachedwapa komanso amangoyerekeza mvula poona mitambo.

Apa m'pamene ine ndimakakamira. Munthu amene amapita m'mawa uliwonse kukathira madzi a m'chitini choyezera mvula m'kabotolo ka mizeremizere, n'kulemba mamilimita m'buku, kaya ku Chileka kaya pasukulu ya kumudzi, ndiye mboni yoyamba pa mlanduwu. Akadumpha sabata imodzi m'dzinja, mwina chifukwa madzi akokolola msewu, tsiku losowalo lingakhale lomwelo limene kunagwa mvula yambiri kuposa onse, ndipo chaka chonsecho chimataya ntchito pa kafukufuku wotere. Pamene dziko lathu likupempha chipukutamisozi ku thumba la ndalama zolipirira zoonongeka ndi nyengo, limene mayiko anagwirizana ku Egypt mu 2022, ndikanakonda gawo lina la ndalama lipite ku zitini zimenezi, ku malipiro a oziwerenga, ndi ku ntchito yolowetsa mabuku akale a mvula m'kompyuta.

Tiyeneranso kulandira yankho pamene silikutikomera. Chilala cha kumayambiriro kwa 2024, chimene chinaumitsa chimanga chathu mu Febuluwale, ambiri tinachiika pa kusintha kwa nyengo, koma gulu lomwe lija linapeza kuti chinadza makamaka ndi El Nino, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera mwachilengedwe pakapita zaka zingapo. Ndipo ngakhale pamene mvula yachulukadi ndi 8 kapena 10 peresenti, nambalayo siifotokoza chifukwa chimene nyumba za m'munsi mwa Soche zinakwiririka. Mbali imeneyo ofufuza amaiyang'ana payokha: mitengo imene inadulidwa m'phiri, nyumba zomangidwa m'njira ya madzi, ngalande zotsekeka ndi zinyalala, ndiponso ngati chenjezo linafika kwa anthu ali ndi koti n'kuthawira.