Kalata ya mizere iwiri inandigoneka ku Lusaka masiku anayi

Ndikulemba ndili kwathu ku Mchinji, pakhonde pa mayi anga, koma mtima sunatsikebe. Ndimagwira ntchito ku Joni. Ulendo uno ndinadzera pa Beitbridge ndi pa Chirundu kuti ndikalowere pa Mwami, poti mudzi wathu uli kufupi ndi malire. Ku Lusaka tinafika kutada, ndiye ndinagona pa loji ina kudikira basi ya m'mawa ya ku Chipata. Kutacha, kachikwama ka pasipoti palibe. Ndinakhuthulira zovala zonse pabedi, ndinatembenuza matiresi, ndinasuzumira ndi kubafa komwe. Zii.

Kupolisi anandilandira m'Chinyanja, tinkamvana bwinobwino. Koma funso lawo linandiumitsa kukamwa: "Munalowa liti m'dziko muno, nanga mboni yoti pasipotiyo munali nayo ndani?" Sindiwada, ankanena zoona. Chidindo cha pa Chirundu chinapita ndi buku lomwelo. Chitupa cha unzika chimanena kuti ndiwe yani, sichinena tsiku limene unalowa, choncho wotaya pasipoti ndi wodzera njira zachidule amaoneka chimodzimodzi. Anandiuza kuti ndikatenge kalata kumene ndinagona.

Apa m'pamene panayambira mavuto. Manijala atangomva mawu oti polisi, nkhope inasintha. "Ife sitinakubereni, bambo." Ndinati bwana, sindikuloza munthu chala, ndikungofuna mulembe kuti ndinagona pano. Iwo mantha awo anali oti kalatayo idzawatembenukira, adzalipitsidwa, kapena apolisi adzabwera kudzafunsa antchito alendo akuona. Anandizengereza tsiku lathunthu, ine ndikulipira chipinda chomwecho. Mawa lake anandipatsa pepala wamba, mizere iwiri: bambo Phiri anagona kuno ndipo akuti ataya pasipoti. Dzina la loji pamwamba palibe, chidindo palibe, tsiku palibe. Wapolisi anangoliyang'ana n'kundibwezera. A Phiri ku Lusaka alipo angati? Pepala lotere ndikanatha kulemba ndekha pa siteji ya basi.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wolandira alendo. Anandiona nditagwira tsaya pabenchi, n'kuti, "Achimwene, dzana lija munalemba m'buku?" Anatsegula kaundula wa alendo, buku lalikulu lothimbirira m'makona, n'kuyendetsa chala mpaka pa mzere wanga. Dzina lonse, dziko, nambala ya pasipoti yomwe ine pamtima sindinkaidziwa, chipinda 7, ndi siginecha yanga. Usiku ujawo ndinkanyinyirika kuti akundichedwetsa ndi zolembalemba tulo tili m'maso. Anzathu amene amagona awiri chipinda chimodzi n'kulembetsa mmodzi yekha, winayo zikamuonekera loji ilibe choti imunenere.

Kalata yachiwiri inatuluka m'bukumo. Anailemba pa pepala la loji lokhala ndi dzina ndi keyala pamwamba, yopita kwa mkulu wa polisi ya deralo. Inatchula maina anga monga alili mu pasipoti, nambala ija, tsiku limene ndinafika ndi chipinda. Koma mzere umene unagwira ntchito ndi uwu: kuti wolandira alendo anaiona pasipotiyo ndi maso ake pondilembetsa, ndipo m'mawa mwake ndinakawauza kuti yasowa, anafufuza m'chipinda osaipeza. Pansi manijala anasaina, anaika foni yake ndi chidindo, n'kuphatikapo fotokope ya tsamba la kaundula.

Tinakanganako pa mawu amodzi. Ine ndi ukali ndinkafuna alembe kuti yabedwa. Mayi aja anandiletsa, ndipo anachita bwino. Loji ingachitire umboni zimene inaona zokha. Ukati yabedwa watsegula mlandu, apolisi afuna kudziwa amene ukumuganizira, pamene mwina inagwa ndikutsika kukagula chakudya usiku. Yasowa, basi. Manijala akanamva zimenezi tsiku loyamba, sakanaopa chilichonse, chifukwa m'kalatamo mulibe mawu ovomera mlandu. Mphindi 10 zokha zinali zokwanira.

Ndi kalatayo apolisi anandilembera lipoti tsiku lomwelo. Lipotilo ndi zithunzi ziwiri ndinapita nazo ku ofesi ya kazembe wa Malawi, komwe anandipatsa chikalata chongobwerera kumudzi. Si pasipoti ayi, n'cha ulendo umodzi. Pa mlatho wa Luangwa atatifunsa ziphaso ndinachitulutsa manja akunjenjemera, kalata ya loji ili kunsi kwake.

Ndalama za malata a nyumba ya mayi zinathera chipinda, mataki ndi nsima ya m'tauni ya eni. Chilolezo changa chogwirira ntchito ku Joni chinali chomata mu pasipoti yomweyo. Dzulo abwana aimbanso kufunsa tsiku lobwerera, ine fomu ya pasipoti yatsopano sindinaiyambe n'komwe.