Ndalama za miyezi itatu ikubwerayi tiziwerengere pa amene alipira, osati pa mayina a m'kaundula

Maganizo anga lero akupita kwa amene muli ndi bizinesi yomwe makasitomala amalipira mwezi ndi mwezi, monga yotola zinyalala m'makomo, ya alonda kapena yogawa intaneti m'dera. Ndimathandiza m'bale wanga kusunga mabuku a bizinesi yake yotola zinyalala ku Lilongwe, ndipo kumapeto kwa Disembala tinakhala pansi kuti tione ndalama zomwe zingalowe kuyambira Januwale mpaka Malichi, chifukwa iye ankafuna kutenga ngongole yogulira galimoto yachiwiri. Nambala imene anabwera nayo ndi imene ine ndinapeza zinasiyana ndi ndalama zokwana pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo ndikufuna kufotokoza pomwe panachokera kusiyanaku. Manambala ndawasalaza kuti asavute kutsatira, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

M'kaundula wake munali nyumba 460, ndipo nyumba iliyonse imalipira K10,000 pamwezi. Iye anachulukitsa 460 ndi K10,000, kenako ndi miyezi itatu, n'kupeza K13,800,000. Pamwamba pake anaika nyumba zatsopano 30 mwezi uliwonse, kutanthauza 30 mu Januwale, 60 mu Febuluwale ndi 90 mu Malichi, zomwe zinaonjezera K1,800,000. Zonse pamodzi zinakwana K15,600,000. Masamu akewo analibe cholakwika, koma anaima pa chikhulupiriro chakuti dzina lililonse la m'kaundula ndi ndalama, komanso kuti munthu akangolembetsa sachokanso.

Choyamba chimene ndinachita ndi kusiya kaundula pambali n'kutenga mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba pamodzi ndi buku la malisiti. Nyumba zomwe zinalipiradi za Disembala zinali 400. Zina 60 zinali zitatha miyezi iwiri kapena kuposerapo osalipira: ena anasamuka lendi itakwera, ena anayamba kukumba dzenje kuseri kwa nyumba, ena anapita kwa mnyamata wa wilibala amene amatchipa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimba foni kudzatsanzika. Kasitomala wa kuno sanena kuti ndasiya, amangoti "tionana pakutha pa mwezi", ndipo mwini bizinesi amasunga dzina lake chifukwa kulifufuta kumawawa. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti pakhale lamulo lolembedwa, lakuti amene wadumpha miyezi iwiri yotsatizana tizimuwerenga kuti wasiya. Akadzabwerera tidzamulandira ndi manja awiri, koma sitingalonjeze banki ndalama zake.

Chachiwiri ndi kudziwa kuti pa anthu 100 olipira, ndi angati amasiya mwezi uliwonse. Pano ambiri amasokonezeka chifukwa amangoyang'ana chiwerengero chonse. Ngati mu Okutobala munalipira nyumba 390 ndipo mu Novembala 400, munthu amaganiza kuti palibe amene wachoka. Koma mwina zachoka 20 n'kulowa 30, ndipo olowawo aphimba dzenje la otulukawo. Njira yoona ndi kutenga mayina a amene analipira mwezi wina, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi ngati analipiranso m'miyezi yotsatira, osasakanizamo atsopano. Titachita zimenezi pa miyezi isanu ndi umodzi ya m'mbuyo, tinapeza kuti pafupifupi nyumba 5 pa 100 zilizonse zimasiya pamwezi. Mwezi umodzi wokha sungakuuzeni zoona, chifukwa maliro amodzi kapena kuchedwa kwa malipiro a kuntchito kungaukhotetse.

Tsopano 5 peresenti imeneyi imachotsedwa mwezi uliwonse pa amene atsala, osati kamodzi pa miyezi itatu yonse. Pa nyumba 400 za Disembala, mu Januwale zitsala 380. Mu Febuluwale tichotsa 5 peresenti ya 380, yomwe ndi 19, n'kutsala 361. Mu Malichi tichotsa 18, n'kutsala 343. Tikaphatikiza 380, 361 ndi 343 tipeza malipiro 1,084, omwe ndi K10,840,000. Amene amagwiritsa ntchito Excel angaike olipira a mwezi wathawo mu B2 ndi gawo la osiya, lomwe ndi 0.05, mu C2, kenako n'kulemba:

```
=B2*(1-C2)
```

Ndalama imeneyi ndimaitcha ya m'manja, ngakhale isanalowe, chifukwa ikuchokera kwa anthu amene tikuwadziwa mayina ndi khalidwe lawo la kalipiridwe. Ndimailemba pa mzere wakewake, ndipo sindilola kuti isakanizidwe ndi ya atsopano, chifukwa kudalirika kwake n'kosiyana.

Pa atsopano ndi pamene tinatsutsana kwambiri. Nambala ya 30 pamwezi ndinaivomera, chifukwa ndiyo imene mabuku amaonetsa pa miyezi ya m'mbuyo, osati imene tikulakalaka. Koma panali zinthu ziwiri zomwe m'bale wangayo sanaziganizire. Anthu salembetsa onse pa 1, amabwera tsiku lililonse la mwezi, ndipo popeza bizinesiyi imalipiritsa masiku otsala okha, mwezi woyamba wa nyumba 30 umabweretsa ndalama zofanana ndi za nyumba 15. Chinanso n'chakuti atsopano amasiya msanga kuposa akale. Munthu amene wakhala nanu zaka ziwiri anazolowera kale kutulutsa thumba Lachiwiri m'mawa, pomwe watsopano akungoyesa, ndipo galimoto ikalephera kubwera sabata imodzi chifukwa cha matope kapena kusowa kwa dizilo, amachoka osayang'ana m'mbuyo. M'mabuku athu, mmodzi mwa atsopano asanu aliwonse sankafika mwezi wachiwiri, koma amene apyola pamenepo ankakhala ngati akale.

Choncho gulu la Januwale limawerengedwa ngati 15 mu Januwale, 24 mu Febuluwale ndi 23 mu Malichi. Gulu la Febuluwale ndi 15 kenako 24, ndipo la Malichi ndi 15 basi. Zonse pamodzi ndi malipiro 116, omwe ndi K1,160,000, osati K1,800,000. Tikaphatikiza ndi K10,840,000 ija, ndalama zoyembekezereka pa miyezi itatuyi ndi K12,000,000. Kusiyana kwake ndi nambala yoyamba ija ndi K3,600,000, ndipo ndalama imeneyi ikanakhala itagawidwa kale pa ngongole, malipiro a dalaivala watsopano ndi mafuta.

Sindinalekere pamenepo, chifukwa 5 peresenti ija inachokera m'miyezi ya Julayi mpaka Disembala, pomwe miyezi imene tinkalosera ndi yovuta kwambiri pa thumba la Mmalawi. Mu Januwale makolo amalipira fizi ya teremu yachiwiri atangotuluka m'zikondwerero, feteleza wobereketsa amafunika kumudzi, ndipo chimanga chimakhala chitakwera mtengo mpaka zokolola zatsopano zitayamba kutuluka. Banja likamasankha pakati pa thumba la ufa ndi kutoleredwa zinyalala, yankho lake tonse tikulidziwa. Ndinawerengeranso ndi 8 peresenti: 368, 339 ndi 312, kuphatikiza 1,019, kapena K10,190,000. Kukwera kwa osiya kuchoka pa 5 kufika pa 8 kwadya K650,000. Kenako ndinayesa kuti atsopano atsike ndi theka, akhale 15 pamwezi, ndipo zimenezo zinadya K580,000. Zonse ziwiri zikachitika pamodzi, zolowa zikhala K10,770,000, ndipo ndinamuuza kuti ngongole iliyonse imene sangathe kuibweza ndi nambala yotsikayi asaitenge.

Taonani bwino manambala awiri aja, chifukwa ndi amene anandisintha maganizo pa bizinesi yonse. Kutaya nyumba zitatu zoonjezera pa 100 zilizonse kwawononga ndalama zambiri kuposa kutaya theka lonse la makasitomala atsopano. Komabe mphamvu zathu zonse zinkathera pa kusindikiza timapepala ndi kuyenda khomo ndi khomo, pomwe panalibe munthu amene ankaimbira foni nyumba yomwe yadumpha mwezi umodzi kuti amve chavuta n'chiyani. Palinso malire amene masamu omwewa amaonetsa. Ngati atsopano okhazikika ndi 24 pamwezi ndipo osiya ndi 5 peresenti, bizinesi idzaleka kukula makasitomala okhazikika akadzafika pafupi 480, chifukwa 5 peresenti ya 480 ndi 24, ndipo olowa adzangolingana ndi otuluka. Galimoto yachiwiri yogulidwa poyembekezera nyumba 800 ikhoza kumayenda yopanda kanthu ngati chimodzi mwa ziwirizi sichisintha.

Pali misampha ina iwiri imene ndiyenera kuitchula mwachidule. Nyumba zina zinalipiriratu K30,000 ya miyezi itatu mu Disembala. Pa kaloseredwe ka zolowa za mwezi ndi mwezi nyumbazi zimawerengedwa K10,000 mwezi uliwonse, koma ndalama yeniyeniyo inalowa kale ndipo mwina inadyedwa pa Khirisimasi, choncho pokonzekera zogula dizilo wa Febuluwale iyenera kuchotsedwa. Msampha wachiwiri ndi wa makasitomala akuluakulu. Ngati pakati pa olipira pali malo ogona alendo amene amapereka K80,000 pamwezi, kuchoka kwawo kukufanana ndi kuchoka kwa nyumba zisanu ndi zitatu, ndipo peresenti siingakuchenjezeni. Oterewa ndimawalemba padera ndi kuwaganizira mmodzimmodzi, poyang'ana tsiku limene mgwirizano wawo ukutha. Chimodzimodzinso mukafuna kukweza mtengo, monga ambiri anakakamizika kuchita kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: simungachulukitse mtengo watsopano ndi chiwerengero chakale cha osiya, chifukwa mwezi wokweza mtengo ndi umene ambiri amachoka.

Ena adzanena kuti zonsezi ndi kulosera chabe, ndipo za mawa sizidziwika. N'zoona kuti nambala yanga siidzagwera ndendende pa K12,000,000, koma ili ndi ubwino umene nambala ya m'bale wanga ilibe, wakuti ingayesedwe mwezi woyamba ukangotha. Pa 31 Januwale timatenga mayina 400 aja n'kuwerenga amene alipira. Akakhala pafupi ndi 380, ndiye kuti 5 peresenti yagwira. Akakhala pafupi ndi 368, timasamukira pa mzere wotsika nthawi yomweyo, osadikira Malichi, koma tisanatero timapatula amene angochedwa ndi amene achokadi, poona ngati mayina omwewo anachedwanso miyezi ya m'mbuyo n'kudzalipira pa 5 kapena pa 10. Atsopano timawawerenga paokha, ndipo pakutha pa Febuluwale timayang'ana ngati 24 mwa 30 a Januwale aja atsaladi. Tinagwirizana kuti nkhani ya galimoto yachiwiri idikire kufikira titaona manambala a miyezi iwiri imeneyi, ndipo pakadali pano mnyamata mmodzi wapatsidwa ntchito yoimbira foni nyumba iliyonse imene yafika pa 10 isanalipire.